Zitenje 40 zoyamba si zako



Poti Loweruka ukunyamuka kupita ku Mzuzu kukatsegula kashopu kako ka zitenje, ndati ndichite kulemba, chifukwa tikamayankhulana pamaso umangoti "ndamva amayi" maso ali pa foni.

Unandiuza kuti chitenje uzikaoda pa K6,500 n'kumagulitsa pa K9,000, ndiye ukuwerengera phindu la K2,500. Ayi, mwanawe. Chitenje sichidzibweretsa chokha pashelefu. Pali thiransipoti yokaoda, wonyamula katundu pa depoti ndi majumbo okulungira. Ukazigawa zimenezi pa zitenje zonse za ulendo umodzi, tinene kuti chilichonse chikudya K500 ina. Ndiye kuti chitenje chakudyera K7,000, ndipo ukachigulitsa pakutsala K2,000. Imeneyinso usafulumire kuitcha phindu, ili ndi eni ake.

Eni akewo ndi ndalama zimene uzilipira mwezi ndi mwezi, kaya malonda ayenda kaya mvula yakutsekera m'shopu sabata yonse. Lendi unati ndi K60,000. Uwonjezepo ya mlonda wausiku amene muzisonkherana ndi anzako, magetsi ndi chiphaso cha khonsolo, tiyerekeze K20,000. Zonse pamodzi K80,000. Mwini nyumba sadzakufunsa kuti wagulitsa zingati, adzangogogoda mwezi ukatha.

Tsono tenga K80,000 ija uigawe ndi K2,000 yotsala pa chitenje chimodzi. Yankho ndi 40. Ukagulitsa zitenje 40 pamwezi, sunaluze komanso sunapindule, wangobweza zimene zatuluka. K2,000 yoyamba yoti n'kuitcha yako ili pa chitenje cha 41.

Chimene chimapusitsa anthu ndi chikwama. Tinene kuti mwezi wina wagulitsa 30. Mwalowa K270,000, ndipo mtima uzingoti geni ikuyenda. Koma K210,000 mwa imeneyo ndi yokaodera zitenje 30 zolowa m'malo mwa zapitazo. Yotsala ndi K60,000, pamene zolipira ndi K80,000. K20,000 yoperewerayo udzaitapa pa mpamba osamva kuwawa kulikonse. Udzazindikira pa ulendo wokaoda wotsatira, pobwerako ndi chikwama chopepuka, kenako n'kuyamba kutambasula zitenje pashelefu kuti zibise mipata.

Pamene ndikufuna umvetsetse kwambiri ndi pa nkhani yotsitsa mtengo, pakuti ndimakudziwa, munthu akakudandaulira pang'ono umafewa. Kasitomala adzati, "Asisi, ndichotsereniko K1,000 yokha." Pa K9,000, K1,000 imaoneka yochepa. Koma siichoka pa K9,000, chifukwa wokuodetsa uja zake analandira kale. Ikuchoka pa K2,000 yako ija, ndipo yaidula pakati. Ukazolowera kugulitsa pa K8,000, lendi ndi zinzake zidzafuna zitenje 80, osati 40. Kodi K1,000 imeneyo ingakubweretsere makasitomala owirikiza kawiri? Ine sindinazionepo. Pamene ukakhala ndi mitundu imene anzako alibe n'kugulitsa pa K9,500, pakutsala K2,500, ndipo zitenje 32 zokha zakwanira. Wogula zambiri nthawi imodzi, monga amayi a kwaya kapena a chinkhoswe ofuna yunifolomu, ungamuchotsereko, koma uyambe wawerengera.

Mtengo woodera nawonso sukhala malo amodzi. Ukukumbukira mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, katundu wochokera kunja anakwera nthawi yomweyo. Amene anapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale anamaliza katundu msanga, akusangalala, koma ndalama yake sinakwane kudzazanso shopu. Choncho uziwerengera ndi mtengo umene ukaodere mawa, osati umene unaodera mwezi watha. Chitenje chikayamba kukudyera K8,000 iwe ukadali pa K9,000, wabwereranso pa 80 paja.

Za ngongole ndingonena mwachidule. Chitenje chotengedwa pa "ndidzapereka malipiro akatuluka" usachiwerengere m'gulu la 40 mpaka ndalama italowa m'manja. Chimodzi chikapita osalipiridwa, K7,000 yake imafuna ugulitse zina zinayi kuti uibweze. Achibale ndi anthu a kutchalitchi ndiwo amavuta kuwakumbutsa.

Pomaliza, 40 imeneyi sinakudyetse. Ngati chakudya, sopo ndi chipinda chogona zikufuna K100,000 pamwezi, iphatikize pa K80,000 ija. K180,000 kugawa ndi K2,000 ndi zitenje 90, kutanthauza zitatu kapena zinayi tsiku lililonse lotsegula. Usanapereke lendi ya miyezi itatu imene mwini nyumba akufuna, ukakhale pafupi ndi mashopu a mzere umenewo masiku angapo, ena apakati pa mwezi, ena akumapeto, uwerenge anthu otuluka ndi jumbo m'manja, osati ongogwiragwira nsalu. Zikakhala zosafika pamenepo, ukafunse benchi ya mumsika, lendi yake ndi yotsika.

Ndakuikira kope lachikuto cholimba m'chikwama chako chachikulu. Bambo ako akuti ukafika uimbe foni.

Ndine mayi ako.