Nkhope ya bambo pansi pa mtengo wa mango

Bambo anamwalira kutatsala miyezi isanu kuti mchemwali wanga akwatiwe. Tsiku la ukwati, titabwerako ku tchalitchi, tinajambulitsa chithunzi cha banja lonse pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba. Pamalo pomwe akanaima bambo, pambali pa amayi, panaima bambo aang'ono atavala suti ya malemuwo. Anavomera okha, amayi atawapempha, podziwa kuti nkhope yawo idzachotsedwa n'kuikapo ya mkulu wawo. Ntchito yochotsa ndi kumatayo inali yanga, popeza ndakhala zaka zingapo ndikugwira ntchito mu situdiyo yojambula ndi kutsuka zithunzi ku Limbe.

Ntchito zoterezi ndinali nditazigwirapo kambirimbiri. Anthu amabwera ndi kachithunzi ka pachiphaso kuti tiveke malemu jekete, kapikicha kake kakaikidwe pa pulogalamu ya maliro. Ndinkadziona ngati katswiri. Ndinatenga chithunzi chomaliza chomwe bambo anajambulitsa ali bwinobwino, chimene tinawajambula ndi foni usiku wa Khirisimasi pabalaza, atakhala ndi amayi pansi pa babu limodzi. Ndinadula nkhope, kuimata, kuilinganiza kukula, kenako ndinasintha mtundu wake mpaka unafanana ndi wa manja a bambo aang'ono. Palibe amene akanaloza pomwe ndinalumikiza.

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchibweza m'manja mwanga.

"Mwanangu, awa si bambo ako. Bambo ako sanali oyera chonchi."

Ndinafuna kutsutsa, koma ndinadziwa kuti akunena zoona. Bambo anali akuda kwambiri kuposa mng'ono wawo, ndipo pamudzi anthu ankawasiyanitsa ndi zimenezi ali anyamata. Ine ndinali nditasakaniza zinthu ziwiri zosiyana, mtundu wa khungu la munthu ndi mtundu wa kuwala komwe kukumugwera. Chofunika kusintha chinali kuwala kokha. Ine ndinasintha ndi munthu yemwe.

Kuwala kulikonse kuli ndi mtundu wake, ngakhale maso athu amatibisira. Malaya oyera timawaona oyera kaya tili panja kaya tili m'nyumba, chifukwa ubongo umakonza wokha. Kamera imayesetsa kuchita chimodzimodzi koma nthawi zambiri imaperewera. Ojambula amayeza mtundu umenewu ndi chilembo K, chomwe pano sichikuimira makwacha ayi. Babu lachikasu la m'nyumba limakhala cha pa 2700 K, dzuwa la masana cha pa 5500 K, ndipo pamthunzi, pomwe munthu akuwalitsidwa ndi thambo m'malo mwa dzuwa, nambala imakwera kufika 7000 K kapena kupitirira. Nambala ikamatsika kuwala kumapendekera ku chikasu ndi kufiira, ikamakwera kumapendekera ku buluu. Choncho nkhope ya bambo inachokera kumapeto amodzi a muyeso umenewu kupita kumapeto ena. Komanso pansi pa mango masamba anali kubwezera kakubiriwira pa aliyense amene anaima pamenepo.

Funso linali lakuti: bambo akanaima pamthunzi umenewo tsiku limenelo, khungu lawo likanaoneka bwanji? Ndinakhala usiku wonse ndikukankha timizere uku ndi uku popanda chonditsogolera, mpaka ndinazindikira chimene chinali pamaso panga nthawi yonseyi. Amayi anali m'zithunzi zonse ziwiri. Khungu lawo linali lomwelo, ndipo pakati pa zithunzizo panangodutsa chaka chimodzi ndi miyezi yochepa. Kusiyana kulikonse pa tsaya lawo kunali kwa kuwala ndi kamera basi. Ndikanayeza kusiyana kumeneko n'kukupereka kwa bambo, ndikanawasamutsira pamthunzi osawasandutsa munthu wina.

Pa kompyuta, kadontho kalikonse ka chithunzi kali ndi manambala atatu, R wa kufiira, G wa kubiriwira ndi B wa buluu, ndipo iliyonse imayambira pa 0 kulekeza pa 255. Mu Photoshop manambalawa amaoneka pa Info ukaloza malo ndi Eyedropper. Ndinasintha Sample Size kukhala 11 by 11 Average, chifukwa khungu lili ndi timadontho, ndipo kuyeza kadontho kamodzi kokha kumanamiza. Ndinasankha pakati pa tsaya, pomwe sipanyezimira komanso sipali mumdima.

Pa chithunzi cha Khirisimasi tsaya la amayi linali R 150, G 98, B 58. Pa chithunzi cha ukwati tsaya lomwelo linali R 122, G 90, B 76. Nkhani yonse inali m'manambala amenewa. Kufiira kunatsika kwambiri, kubiriwira kunatsika pang'ono, buluu anakwera. Nditagawa, ndinapeza kuti kufiira kunatsala 0.81 ya momwe kunalili, kubiriwira 0.92, pomwe buluu anafika pa 1.31. Tsaya la bambo pa chithunzi chakale linali R 118, G 74, B 44. Nditachulukitsa ndi manambala aja ndinapeza pafupifupi R 96, G 68, B 58. Pamenepo mpomwe ndinaona kukula kwa cholakwa changa, pakuti dzanja la bambo aang'ono, lomwe ndinatsanzira poyamba, linali R 128, G 94, B 78.

Ndinayambiranso, koma sindinayambe ndi mtundu. Pamwamba pa zonse ndinaika Black & White kuti chithunzi chikhale chakuda ndi choyera kwa kanthawi, chifukwa mitundu imasokoneza diso pamene ukufuna kuona kuwala ndi mdima. Nthawi yomweyo zinaoneka kuti babu linali litasiya mithunzi yolimba kunsi kwa maso ndi kwa mphuno ya bambo, pamene nkhope za ena onse zinali ndi kuwala kofewa. Ndinatsegula Curves, n'kuimangirira ku nkhope yokha ndi Create Clipping Mask kuti isakhudze ena, ndipo ndinakweza malo amdimawo pang'onopang'ono mpaka mthunzi wa pansi pa chibwano chawo unafanana kulemera ndi wa amayi.

Kenako ndinazimitsa Black & White n'kutsegula Curves yachiwiri, ya mtundu. Apa munthu amagwira mitundu itatu ija umodziumodzi. Ndinatsitsa Red, ndinatsitsa Green pang'ono, ndinakweza Blue, ndikuyang'anitsitsa pa Info mpaka tsaya linafika pafupi ndi manambala omwe ndinawerengera. Chothandiza kukumbukira n'chakuti mtundu uliwonse uli ndi mnzake wotsutsana nawo. Ukakweza buluu umakhala ukuchotsa chikasu, ndipo ukapitirira muyeso khungu lakuda limasanduka lotuwa ngati phulusa. Ukatsitsa kubiriwira mopitirira, nkhope imakhala ngati yapakidwa mankhwala ofiirira. Zikafika pamenepo ndi bwino kubwerera m'mbuyo m'malo mowonjezera chokonza china pamwamba.

Manambala a tsaya anagwirizana, koma nkhope inkaonekabe ngati yabwera kuchokera kwina. Zinanditengera nthawi kuti ndipeze chifukwa, ndipo chinali pamphumi. Khungu lakuda limanyezimira, ndipo ponyezimirapo sipaonetsa kwenikweni mtundu wa khungu koma mtundu wa chowalitsacho, monga momwe madzi amaonetsera thambo. Pamphumi pa alongo anga ndi amayi panali kunyezimira kotambalala, kofewa, kopendekera ku buluu. Pamphumi pa bambo panali kadontho kowala kwambiri kachikasu, chithunzi cha babu la pabalaza lija. Pakatikati pake kufiira kunali pa 255, kutanthauza kuti kamera inadzaza ndipo sinasunge kalikonse pamenepo. Malo otere Curves singawabwezeretse. Ndinatenga mtundu wa ponyezimira pa mphumi ya mchimwene wanga, amene khungu lake ndi la bambo, n'kupaka pa layala yatsopano ndi burashi yofewa, Opacity ili pa 10%, kubwereza kangapo mpaka babu linazima. Ndinachita chimodzimodzi pamphuno ndi pa timadontho towala ta m'maso.

Panatsala bambo aang'ono. Popeza nkhope sinayenerenso kutsatira manja, manja ndiwo anayenera kutsatira nkhope. Ndinadetsa khosi ndi manja awo ndi Curves ina, kusamala kuti zikhato zisade mofanana ndi kunja kwa dzanja. Pansi pa chibwano ndinabwezera kamthunzi kogwera pa kolala, chifukwa popanda kameneka mutu umaoneka ngati ukuyandama. Chomaliza chinali ukhakha wa chithunzi. Foni usiku imasiya timadontho tambiri, pamene kamera ya paukwati inajambula mosalala. Ndinachepetsa timadontho ta pankhope pang'ono chabe, kuopa kufafaniza makwinya awo, kenako ndinathira Add Noise yochepa kwambiri pa chithunzi chonse kuti onse akhale ngati anajambulidwa ndi kamera imodzi.

Pali zinthu zimene njirayi singathe. Kukanakhala kuti babu linali kumanzere kwa bambo pamene kuwala kwa paukwati kunkachokera kumanja, palibe nambala ikanathandiza. Ena amatembenuza nkhope kuti mithunzi igwirizane, koma nkhope ya munthu siifanana mbali zonse, ndipo bambo anali ndi chipsera pa nsidze ya kumanzere chomwe amayi akanachipeza chili mbali yolakwika. Mwayi wanga unali wakuti kuwala konse kuwiri kunkachokera kumwamba ndi kutsogolo. Ndipo kukanakhala kuti palibe munthu wopezeka m'zithunzi zonse, ndikanayeza pa chinthu choyera kapena chotuwa, monga kolala ya malaya, ngakhale muyeso wake sukhala wodalirika ngati wa khungu la munthu mmodzimodziyo.

Chimene chimandivutabe n'chakuti dzanja langa linathamangira kuyeretsa popanda kundifunsa. Kumasitudiyo tazolowera kuti kasitomala akaoneka woyererako amachoka akumwetulira, ndiye timakweza kuwala tisanaganize n'komwe. Ndimaganizira azimayi ndi azibambo onse amene ndinawaveka jekete pa mapulogalamu a maliro, ndikudzifunsa kuti ndi angati amene abale awo anangolandira mwaulemu nkhope yomwe sinali yeniyeni. Tsopano wina akabweretsa chithunzi cha malemu ndimayamba ndafunsa ngati pali wachibale amene ali m'zithunzi zonse ziwiri, ndiponso ngati malemuwo anali akuda kapena oyererako kuposa amene waima pamalo pawo.

Ndinatsuka kachithunzi kakang'ono koyesera n'kukakaonera panja masana, chifukwa pepala limadetsa kuposa galasi la kompyuta, ndipo nditakhutira ndinatsuka chachikulu. Amayi anachitengera pakhonde. Anayang'ana mchemwali wanga, anayang'ana akamwini, kenako anaika chala pa tsaya la bambo.

"Eya, awa ndi amenewo. Koma ukawauze bambo ako aang'ono kuti manja awo wawadetsa, asakadabwe."

Chithunzicho chili pabalaza, pansi pa babu lomwe lija. Mlendo akachiyamikira, amayi amamuuza okha kuti bambo sanalipo tsikulo.