Katundu Woyenera Kumuyang'anitsitsa M'sitolo

Ndimasunga katundu m'sitolo yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Mitundu ya katundu ndi yambiri moti sindingathe kuiwerenga yonse tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake chaka chikatha ndimaigawa m'magulu atatu, A, B ndi C, potengera ndalama zimene mtundu uliwonse wadya pa chaka.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Ndimatsegula makadi a katundu n'kuona kuchuluka kwa zimene zatuluka pa miyezi 12, kenako ndimachulukitsa ndi mtengo umene tinapikulira chimodzi. Zotsatirazo ndimazindandalika kuyambira chachikulu mpaka chaching'ono.

Tiyerekeze ndi mitundu khumi yokha, imene yonse pamodzi yadya K100 miliyoni. Simenti yatuluka matumba 2,000 pa K25,000 thumba limodzi, ndiye kuti K50 miliyoni. Malata 1,500 pa K20,000 akwana K30 miliyoni. Mitundu iwiri yokhayi yatenga K80 pa K100 iliyonse, ndipo ili m'gulu A. Penti, misomali ndi waya zadya K15 miliyoni pamodzi, choncho zili mu B. Mitundu isanu yotsalayo ikugawana K5 miliyoni basi, ndiye gulu C.

Apa m'pamene anyamata ongoyamba ntchito amadabwa. Pampu ya madzi ya K600,000 amaiona ngati mfumu ya m'sitolo, koma ngati zatuluka ziwiri zokha pa chaka, yangodya K1.2 miliyoni, ndipo malo ake ndi mu C. Thumba la simenti n'lotsika mtengo poyerekeza ndi pampuyo, koma limatuluka m'mawa ndi madzulo.

Simenti ndi malata ndimawerenga sabata iliyonse, ndipo palibe chimatuluka popanda chikalata chosainidwa. Simenti ndimaitanitsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, chifukwa ikakhalitsa imakoka chinyezi n'kuuma, ndalama n'kuumira pomwepo. Za mu B ndimawerenga mwezi ukatha. Za mu C, monga mahinjesi ndi mabulashi, ndimagula zambiri kamodzi n'kuziika m'mabokosi awiri. Loyamba likatha ndimatsegula lachiwiri, n'kuitanitsa zina tsiku lomwelo.

Komabe mndandandawu umangoona ndalama, sudziwa mtima wa wogula. Mawashala a misomali ya malata ndi a mu C, koma mmisiri akawasowa amakagula denga lonse kwa anzathu a tsidya la msewu. Kanthu kotere, komanso kalikonse kochedwa kufika tikaitanitsa, ndimakakweza gulu ngakhale masamu akukana.

Magulu nawonso amasuntha. Mitengo ikakwera mosiyana, kapena mvula ikayandikira anthu n'kuyamba kuthamangira kufolera nyumba, katundu wa mu B angathe kulowa mu A. Ndikaona kuti mtundu wina wa mu B ukutha tsiku lowerenga lisanafike, sindidikira Disembala, ndimatenga makadi n'kuwerengera mwatsopano.