Cikwangwani sicikamba zonse

Cikwangwani ca pamseu cimalembedwela munthu amene alibe nthawi. Motoka ikamathamanga makilomita 80 pa ola, imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse, conco wolemba amasiya mau awili kapena atatu cabe. Amene wacotsawo, dalaiva afunika kuwabwezelamo yekha, ndipo apa m'pamene pamabadwila ngozi.

Nimayendetsa kathilaki konyamula nshawa na soya kucokela kwa Pembamoyo, kudela la Vubwi, kupita ku Chipata. Nikaimika motoka pambali, nimakonda kujambula zikwangwani pafoni. Za boma n'zosavuta kwenikweni, cifukwa maonekedwe ake amakamba kale: ca makona atatu cimacenjeza, cozungulila ca mkombelo wofiila cimaletsa, ca makona 8 cimati ima. Zimene zimanipatsa maganizo ni zija zolemba anthu a m'midzi na penti, pakathabwa kapena pacidutswa ca lata.

Cimodzi n'nacijambula pafupi na kamtsinje kamene mseu umadutsa pasimenti yotsika, yopanda ulalo weniweni. Cinali na liu limodzi: OSAOLOKA. Mwezi unali wa Febuluwale, mvula itagwa usiku. Liu limeneli silikamba kuti likuletsa ndani, lole yolemela kapena aliyense. Silikamba cifukwa cake, ndipo lilibe deti. Mwina linakhomedwa dzulo, mwina caka catha. Anyamata amene ananikwezela matumba anati, "Adala, tiyeni cabe, njinga zaoloka kale."

Koma njinga na kathilaki ka matumba 40 n'zosiyana. Pa makilogilamu 50 thumba lililonse, amenewo ni matani 2, osaŵelengela motoka. Madzi a matope amabisa pansi, ndipo vuto la malo otele kaŵilikaŵili silikhala kuzama kokha. Madzi amakumba dothi kunsi kwa simenti na m'mbali mwake, pamwamba n'kumaoneka bwinobwino. Wa njinga amadutsa, thayala la motoka yolemela n'kubowola. Komanso madzi othamanga ofika m'mawondo angathe kukokolola motoka yaing'ono.

Conco n'natsika n'kufunsa amai amene anali kugulitsa matimati capafupi. "Ana anga, cimeneco acikhoma dzana, mbali ya kumanzele yagumuka," anatelo. Tinabwelela n'kuzungulila njila ina. Ola lathunthu linapita, dizilo nayonso, koma katundu wa eni ake unafika, ise tili amoyo.

Pamenepa pali lamulo limene nimayendela. Mau akakhala na matanthauzo aŵili, dzifunseni kuti: nikalakwitsa, nitaya ciani? Mukamvela cikwangwani cakale, mwataya ola. Mukanyozela catsopano, mwataya motoka, mwinanso anthu. Sankhani tanthauzo limene kulakwitsa kwake n'kochipa.

Cina cili pafupi na sukulu, cimati PANG'ONOPANG'ONO. Liu limeneli lilibe nambala, ndipo aliyense amalimva malinga na phazi lake. Amene anali pa 100 akatsika kufika pa 80 amaona monga wamvela. Tiyeni tiŵelengele. Mwana akatulukila mumseu, pamapita sekondi imodzi na theka phazi lisanafike pabuleki. Pa 80, amenewo ni mamita 33 motoka isanayambe n'komwe kucepetsa liwilo. Pamseu wa dothi, buleki ingafunenso mamita ngati 60. Zonse pamodzi ni pafupifupi bwalo lathunthu la mpila. Pa 40, mamita oyamba aja amakhala 17, ndipo a buleki amatsika kufika ca m'ma 15, cifukwa liwilo likacepa na theka, mtunda wa buleki umacepa kanayi. Ndiye tanthauzo la pang'onopang'ono ni ili: liwilo limene mungaimile mkati mwa mtunda umene maso anu akuona. Ngakhale nambala ya m'cikwangwani cozungulila cija ni malile cabe, si lonjezo lakuti mseu uli bwino tsiku limenelo.

Cenjezo lalifupi kopambana lilibe na cilembo comwe: nthambi zaziŵisi zoika mumseu. Zingatanthauze lole yofa kuseli kwa khona, dzenje, kapena malilo pamudzi. Simungadziŵe muli patali, koma yankho ni limodzi: cotsani phazi, khalani kumanzele kwanu, osapitilila motoka ya kutsogolo mpaka muone cimene cilipo. Masamba akakhala ofota, mwina vuto linatha kale, koma mau akuti "mwina" si oyendela pa 80.

Imwe a m'tauni amene mwangotenga laisensi ku RTSA, mayeso aja anakufunsani dzina la cikwangwani. Mseu wa kumudzi udzakufunsani zina zitatu: cikukamba na ndani, cinaikidwa liti, ndipo woikayo anaona ciani cimene imwe simunaone. Mukasoŵa yankho, imikani motoka pabwino, tsikani, mufunse okhala pamalopo. Iwo ndiwo adziŵa mau amene sanakwane pakathabwa.