Pamene Maziro Tinkawasenza M'mutu

Ife amene tinaphunzira masamu makina owerengera asanafike m'masukulu tinali ndi kabuku kopyapyala ka malogi, ndipo kabukuko, ngakhale kanali kokhulupirika m'ntchito yake yonse, kanali ndi chinthu chimodzi chimene sikankauza munthu, ndicho kukula kwa nambala. Ukafuna logi ya 15, kankakupatsa 1761. Ukafuna ya 150, kapena ya 0.015, kankakupatsabe 1761 yemweyo. Ndipo unali udindo wa mwana wasukulu kuwerenga yekha kuti dontho layenda malo angati, ndi kulemba chiwerengerocho kutsogolo. Chotero tinakula tikudziwa kuti nambala ili ndi zigawo ziwiri: manambala ake ooneka, ndi msinkhu wake pa makwerero a khumi, pamene sitepe iliyonse iposa inzake kakhumi.

Pamenepa ndi pamene pagona kalembedwe ka akatswiri a sayansi. Mtunda wochokera pa dziko lino kukafika ku dzuwa ndi mamita pafupifupi 150,000,000,000, ndipo popeza diso limasokonezeka ndi maziro ondondozana chotere, iwo amasuntha dontho kumanzere kufikira patatsala nambala imodzi yokha kutsogolo kwake, nawerenga malo amene layenda, nalemba 1.5 × 10¹¹. Selo lofiira la m'magazi, limene tizilombo ta malungo timabisalamo, mulifupi mwake ndi mamita ngati 0.000008, apa dontho liyenda kumanja malo 6, ndipo chifukwa tatsikira pansi pa mita imodzi, kanambala kam'mwamba kalandira chizindikiro chochotsera: 8 × 10⁻⁶.

Tsono tifunse: kodi maselo otere, atandandalikidwa mzere umodzi, angafunike angati kuti afike ku dzuwa? Mwa njira yakale tinkayamba ndi msinkhu. Kuchokera pa selo kukwera kufika pa mita ndi masitepe 6, ndipo kuchokera pa mita kufika ku dzuwa ndi masitepe 11. Onse pamodzi 17. Tikatero tinkatembenukira ku manambala ooneka aja, n'kugawa 1.5 ndi 8, zimene zipereka 0.1875, ndipo popeza nambala yakutsogolo iyenera kukhala yosachepera 1 ndiponso yosafika 10, tinkasuntha dontho kumanja malo amodzi ndi kubweza sitepe imodzi, yankho n'kukhala 1.875 × 10¹⁶. Komabe mphunzitsi wanzeru ankatiletsa kunyadira manambala anayiwo, pakuti maselo a m'magazi salingana onse, ndipo dziko limayandikira dzuwa mu Januwale ndi kutalikira mu Julayi. Chimene tingachinene moona mtima ndi 2 × 10¹⁶ basi.

Makalikuleta a sayansi olowa m'thumba anayamba kugulitsidwa mu 1972, ndipo patapita zaka anafika m'manja mwa ana athu, kufikira lero pamene foni zambiri zili nawo. Sindidandaula nawo, pakuti ntchito imene inkatidyera theka la ola amaimaliza m'kuphethira kwa diso, ndipo amaika okha dontho pamalo pake, nalemba 1.5E11 pamene ife tinkalemba 1.5 × 10¹¹. Koma ndaona kuti pamodzi ndi mtolo umene anatitula, anatengakonso chizolowezi chija choyamba kufunsa msinkhu wa yankho munthu asanawerengere.

Taonani chimene chimachitika. Mwana afuna kuyankha funso lathu lomwe lija, ndipo atayipa motere:

```
1.5E11 ÷ 8 × 10^-6
```

Makinawo, pomvera lamulo lawo loyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, agawa ndi 8 yekha, ndipo 10⁻⁶ uja amchulukitsa m'malo mogawa naye. Pagalasi paoneka 18750. Manambala ooneka ndi omwe aja, 1, 8, 7, 5, ndipo mwanayo, poona kuti akufanana ndi a mnzake, akondwera. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, pakuti yankholo laperewera ndi masitepe 12. Akadatsekera 8 × 10⁻⁶ m'mabulaketi, kapena kulemba 8E-6, makinawo akadamuyankha zoona.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti wasokera? Njira yake ndi yakale yomwe ija, ndipo sifuna makina. Ngati selo limodzi lili 8 × 10⁻⁶ ya mita, ndiye kuti m'mita imodzi yokha mulowa maselo 125,000. Yankho lililonse lochepera pamenepo likunena kuti dzuwa lili pafupi koposa mita imodzi. Maselo 18,750 atandandalikidwa atalika masentimita 15 okha, kutalika kwa cholembera. Ndicho chifukwa chake, adzukulu akandibweretsera masamu awo, ndimawapempha kuti ayambe avundikira makinawo patebulo, andiuze ndi pakamwa kanambala kam'mwamba kamene akuyembekeza, akatero, awavundukule. Ziwirizo zikasiyana ndi sitepe imodzi, mwina n'chifukwa cha kusuntha kwa dontho kumapeto. Zikasiyana ndi masitepe ambiri, abwerere kukaona chizindikiro chochotsera ndi mabulaketi, pakuti kawirikawiri cholakwa chimakhala pamenepo.