Tsamba limodzi la a bodi

Ndakhala akauntanti wa kabungwe kena ka zaumoyo ku Zomba kwa zaka zingapo, ndipo miyezi itatu iliyonse ndimakonza lipoti la zachuma la masamba oposa makumi awiri. A bodi yathu ndi anthu asanu ndi awiri: abusa, loya, mphunzitsi wopuma pantchito, amayi ena a bizinesi ndi ena otero. Chimene amawerenga ndi tsamba loyamba lokha, nthawi zambiri pafoni, ali m'galimoto kubwera kumsonkhano. Poyamba zinkandiwawa. Lero ndimangovomereza, ndipo tsambalo limandidyera nthawi yambiri kuposa ena onse pamodzi.

Chinandiphunzitsa ndi galimoto. Tsiku lina ndinalemba pamwamba penipeni kuti kubanki kuli K180 miliyoni. Sindinaname. Wapampando ataona nambalayo anamwetulira nati, "A akauntanti, ndiye kuti tili bwinotu. Tigule galimoto ija." Galimotoyo inali ya K30 miliyoni, ndipo ndisanatsegule pakamwa anthu anali atakweza kale manja.

Koma pa ndalamazo, K140 miliyoni inali ya otithandiza akunja, yomangidwa ku ntchito yawo ya zipatala zoyendayenda. Ndalama zotero sungazikhudze, ngakhale malipiro atavuta. Pa K40 miliyoni yotsalayo, K8 miliyoni inali kale ndi eni ake: msonkho wa PAYE womwe tinadula kwa antchito kuti tikapereke ku MRA, ndi ndalama za penshoni, zija lamulo limati wolemba ntchito aikepo 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Zathuzathu zinali K32 miliyoni basi. Malipiro, lendi, magetsi ndi mafuta zinkadya K16 miliyoni pamwezi. Kunena kwina, tinali ndi ndalama za miyezi iwiri yokha. Zonsezi ndinazilemba ndithu, koma patsamba 14, kumene palibe anafikako. Kuimitsa mabwana atagwirizana kale n'kochititsa manyazi, ndipo wolakwa ndinali ine.

Chiyambire tsiku limenelo, nambala ya ndalama zonse zakubanki sindiilola kuima payokha. Ndimaiphwanya m'mizere itatu: za otithandiza, za ngongole zofunika kulipira mwezi uno, ndi zathu. Pansi pake ndimalemba m'mawu kuti zathuzo zitifikitsa mwezi uti. Munthu amene sadziwa maakaunti akamva kuti "zitha kumapeto kwa Ogasiti" amakhala tsonga, pomwe mamiliyoni amangomugoneka tulo.

Pamwamba pa zonse ndimaika chimene ndikupempha a bodi kuti agamule, m'ziganizo ziwiri. Ngati palibe chogamula, ndimanena choncho.

Kenako pamabwera katebulo ka mizere isanu ndi umodzi, kosonyeza zomwe tinaika mu bajeti, zomwe tagwiritsa ntchito, ndi kusiyana kwake. Mu Excel mwanga muli mizere yoposa zana, koma tiyi, mapepala ndi sopo ndimaziunjika pamodzi. Matambala ndimachotsa: K16,347,912.55 imakhala K16.3 miliyoni. Ukasiya nambala yaitali, pamapezeka wina woyamba kuwonkhetsa pafoni, n'kutha mphindi khumi kusaka K200.

Povuta ndi pofotokoza kusiyanako, chifukwa sikufanana konse. Ngati maphunziro a anamwino asunthidwa kuchoka mu Juni kupita mu Julayi, tebulo lionetsa ngati tapulumutsa ndalama, chonsecho zidzatuluka ndithu. Pamenepo ndimalemba kuti "zangochedwa". Koma mu Novembala 2023, mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pafupifupi K1,700, mitengo ya mankhwala ndi mafuta inakwera kosabwereranso. Kumeneko kunali kusiyana kwenikweni, ndipo ndinalemba kuti pofika kumapeto kwa chaka tidzapyola bajeti ndi ndalama zingati, ndiponso kuti tingadule pati. Ndimafotokoza mizere itatu yokha, imene yasiyana kwambiri. Ukafotokoza yonse, yoopsayo imabisala pakati pa inzake.

Akulu a bungwe amakonda kundinong'oneza kuti nkhani yoipa ndiitsitsire m'munsi, "kuti tisawadzidzimutse". Ndimakana mwaulemu. A bodi ndiwo amayankha mlandu ndalama zikasokonekera, ndipo akadzamva kwa maodita zomwe ine ndinabisa, sadzakhulupiriranso tsamba langa.

Ndisanatumize, ndimapatsa tsambalo mayi amene amalandira alendo paofesi pathu. Akawerenga mphindi ziwiri ndimalitenga n'kuwafunsa kuti, "Mayi, tili ndi ndalama za miyezi ingati, nanga a bodi akupemphedwa chiyani?" Akakanda m'mutu, ndimabwerera kukalembanso. Zilembo sindizichepetsa kuti zonse zikwane. Chomwe chakana kulowa chimapita kumasamba am'kati.

Galimoto ija tinadzaigula patapita chaka ndi theka, yakale, pa ndalama zathuzathu.