Rosita ikasintha pakati pa mwezi

Rosita ya anamwino ndi pepala limodzi la wodi yonse: mayina kumanzere, masiku a mwezi pamwamba, ndipo m'timabokosi mumaoneka amene ali masana, amene ali naiti ndi amene ali ofu. Imasinthidwa wina akadwala, akagonekedwa kapena akapita kumaphunziro, kapenanso kukagwa mliri ngati wa kolera wa 2022 ndi 2023.

Mafoni a m'manja asanafale, a inchaji ankafufuta ndi kulembanso ndi pensulo, n'kukhoma pepalalo pabolodi m'chipinda cha anamwino. Amene anali pantchito ankamva pomwepo, nthawi yosiyirana odwala. Vuto linali kwa amene ali ofu. Namwino wokhala ku Mbayani wogwira ntchito ku Kwinzi ankadalira mnzake wa njira imodzi kuti apatukire kunyumba ndi uthenga. Ukapanda kufika, ankakwera minibasi mpaka ku Ginnery Corner m'mamawa, n'kukauzidwa kuti abwerenso madzulo.

Lero a inchaji amajambula rositayo n'kuiponya pagulupu ya WhatsApp, ndi mawu oti amene ali ndi dandaulo anene lisanafike, mwachitsanzo, Lachisanu masana. Malire amenewa ndi oti papezeke nthawi yofunira wa lokamu wotseka mpata. Akadutsa, kukhala chete kumatengedwa ngati kuvomera. Apa m'pamene pamabuka mikangano, chifukwa wina bandulo inamuthera, wina foni inazima magetsi atathima. N'chifukwa chake inchaji wosamala amaimbira okhawo amene masiku awo asuntha, m'malo modalira gulupu. Zithunzi za rosita zikakhala zitatu m'mafoni, yotsatidwa ndi ya pakhoma, yokhala ndi deti ndi siginecha.

Kusinthana masiku n'kumene kumafuna maso. Tinene kuti namwino wina ali ndi naiti Lachitatu koma ali ndi zochitika kwawo, ndipo mnzake wavomera kumugwirira. Ngati mnzakeyo analembedwa masana Lachinayi, ndiye kuti adzaweruka m'mawa pa ola lomwe akuyenera kuyambanso. Kusinthanako kumatheka pokhapokha woyambayo atatenga Lachinayilo. A inchaji amaonanso ngati awiriwo ali a udindo wofanana, poti wodi ya amayi oyembekezera singagone yopanda mzamba. Amawerenganso masiku otsatizana: lamulo la ntchito la 2000 limaika maola 48 pa sabata, ndipo sililola munthu kupyola masiku 6 osapuma maola 24. Kunena zoona, kuchepa kwa anamwino kumachititsa kuti chiwerengerochi chivute kusunga.

Kugwirizana kwa awiri pafoni sikusintha rosita. Mpaka a inchaji atalemba ndi kusayinira, wodi ikapezeka yopanda munthu, wofunsidwa ndi amene dzina lake lili m'kabokosi ka tsikulo.