Mawu a M'mabulaketi Nawonso ndi Sewero

Pa ntchito yanga yotsogolera zisudzo, ndikalandira sewero losindikizidwa ndimayamba ndi mawu a m'mabulaketi, aja onena kuti uyu walowa, wakhala pansi kapena watseka chitseko. Ambiri amawadumpha poganiza kuti ndi a anthu okonza siteji. Ine ndimati m'menemo ndi momwe mlembi amaikamo zoona pamene pakamwa pa mtengambali pakunama.

Taonani A Doll's House, sewero la Henrik Ibsen wa ku Norway la mu 1879. Poyambirira Nora atulutsa timabisiketi m'thumba, adya, anyang'ama kukamvetsera pa chitseko cha mwamuna wake Torvald, kenako abisa timabisiketito ndi kupukuta pakamwa. Torvald atamufunsa ngati wadya zotsekemera, iye akana. Wowerenga zolankhula zokha alibe umboni woti Nora wanama, pamene wowerenga mabulaketi wadziwa kale kuti m'nyumba muno mkazi amakhala mobisa, nkhani ya ngongole yomwe adatenga posaina dzina la bambo ake isanatuluke. Mtengo wa Khirisimasi womwe Nora akongoletsa m'gawo loyamba timaupeza m'gawo lachiwiri uli pakona, zokongoletsa zitachotsedwa, makandulo atatsala zidutswa. Palibe amene autchula, koma ukunena za mtima wa Nora. Pomaliza iye avula zovala za kudansi, avala zamasiku onse, ndipo sewero litsekedwa ndi kulira kwa chitseko chapansi. Torvald amatsala akuyembekeza kuti mwina zinthu zisintha, ndipo chomuyankha ndi chitsekocho.

Anzanga ena amatsutsa kuti malangizowa adalembedwera siteji ya ku Ulaya yokhala ndi piyano ndi mbaula ya m'chipinda, choncho wochitira sewero m'holo ya sukulu sangamangidwe nawo. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo sindikunena kuti tizikopera katundu yense. Chomwe ndimafunsa pa langizo lililonse ndi ntchito yake: ndikalichotsa, woonera ataya chiyani? Timabisiketi tingasanduke maswiti osaononga kanthu, chifukwa ntchito yake ndi kubisa. Koma Nora akadyera poyera pamaso pa Torvald, bodza lake loyamba lafa. Chitseko chikasowa, pafunika phokoso lina lochokera kumene woonera sakuona, pakuti tanthauzo lagona pa kumva kuti wapitadi.

Ena amati Shakespeare adasiya malangizo ochepa koma masewero ake samwalira. Ndi zoona, chifukwa iye adaluka zochita zambiri m'zolankhula momwemo. Ibsen adaziika padera, ndipo adadziwa kulemera kwake. Mu 1880, pofuna kuti ena asamusinthire sewero ku Germany, adalemba yekha mathero ena monyinyirika, momwe Torvald akokera Nora pa khomo la chipinda cha ana, Nora n'kugwa pansi pomwepo osachoka. Anthu ndi omwewo, ngongole ndi yomweyo, koma chitseko chikapanda kulira, woonera amapita kwawo ataona sewero lina.